Amayi, musafulumire kuivala: malangizo a mwana wa ku Joni

M'zikwama zimene matransipota amabwera nazo kuchokera ku Joni, pakati pa mabulangete, mafuta ophikira ndi nsapato za adzukulu, masiku ano mumapezekanso kabokosi ka wotchi yoyendera limodzi ndi foni. Ambiri mwa mawotchi amenewa amavalidwa sabata imodzi, kenako n'kukagona m'kabati. Sikuti amakhala owonongeka ayi. Wotumiza amangoti "ndakugulirani wotchi", osafotokoza zimene chinthucho chimafuna kuti chigwire ntchito.

Mnyamata wina wowotcherera zitsulo ku Joni anachita mosiyana. Amayi ake ku Dedza amamwa mankhwala a bipi tsiku lililonse ndipo amakhala ndi mdzukulu mmodzi wa fomu 2. Anawatumizira Samsung Galaxy Fit3, kawotchi kopepuka kamene kanatuluka mu 2024, kokhala ndi batani limodzi lokha pambali. Kenako anatsatiza mauthenga a mawu pa WhatsApp, uthenga umodzi ntchito imodzi. Mayiwo anandilola kuwamvetsera, ndipo ndaona kuti angathandize mabanja ambiri.

Woyamba unali wowaletsa.

"Amayi, mwaswera bwanji? Katundu uja ndamva kuti wafika. Wotchiyo musafulumire kuivala. M'bokosimo muli kachingwe kokhala ndi timano tiwiri tachitsulo kumapeto. Kumbuyo kwa wotchi kulinso timadontho tiwiri. Mukayandikizitsa, zigwirana zokha chifukwa muli maginito. Zikamakankhana, tembenuzani kachingweko. Isiyeni idzaze kaye. Kachingwe kameneko muzikasunga m'kathumba ka mankhwala anu, chifukwa tchaja ya foni singalowe pa wotchiyo."

Mawu omalizawo ndi ofunika kuposa mmene akumvekera. Tchaja ya foni ikatayika, mumapeza ina pamsika uliwonse. Ya wotchi yotere mutha kuyenda boma lonse osaipeza. Ubwino wake, kawotchi kameneka sikadya moto: kampani imati batire lake limatha kufika masiku 13, ngakhale kuti wovala usana ndi usiku ayembekezere ocheperapo. Mawotchi akuluakulu odula aja amafuna moto pafupifupi tsiku lililonse, ndipo kumene magetsi amazimazima, amenewo ndi mtolo chabe. Mnyamatayu anasankha bwino.

Anali ataganiziranso za foni asanagule. Wotchi imeneyi imafuna foni ya Android 10 kapena yatsopano kuposa pamenepo, ndipo silumikizana ndi iPhone, monganso Apple Watch silumikizana ndi foni ya Android. Nambalayo imaoneka mukatsegula Settings n'kupita pa About phone. Wogula wotchi asanafunse mtundu wa foni ya mayi ake akungotaya ndalama.

Uthenga wachiwiri ndiwo unali wautali.

"Tsopano muitane mdzukulu wanu akhale pambali panu, koma foni igwireni ndinu. Ndakutumizirani bandulo ya intaneti yonse, chifukwa ija ya WhatsApp yokha singatsitse pulogalamu. Tsegulani Play Store, mulembe Galaxy Wearable, mudine Install. Ikatha, yatsani Bluetooth pa foni. Wotchi muiyatse podina batani la pambali osalisiya mpaka iwale. Mukatsegula pulogalamu ija, muona dzina loti Galaxy Fit3 likutuluka. Lidineni. Ikapempha kutsitsa kanthu kena kowonjezera, vomerani. Ikamafunsa mafunso, muzidina Allow. Ikapempha akaunti ya Samsung mundiimbire, tilembera limodzi."

Apa ndi pamene ambiri amasokonezera. Anazolowera kulumikiza sipika ya nyimbo polowa pa Bluetooth n'kudina dzina lake, ndiye amachita chimodzimodzi ndi wotchi. Foni imaonetsa ngati zalumikizana, koma wotchi silandira kanthu. Njira yake ndi kudzera m'pulogalamu ya wotchiyo basi. Mumadziwa kuti zatheka mukaona nthawi ya pa wotchi ikufanana ndi ya pa foni popanda inu kukonza, pakuti wotchi imatenga nthawi kuchokera ku foni. Kuyesa kwachiwiri n'kosavuta: wina aimbe foniyo, wotchi injenjemere padzanja n'kuonetsa dzina la woimbayo.

Mayi a ku Dedza aja atamva kunjenjemera koyamba, anaika wotchi kukamwa n'kunena kuti "halo". Mwana wawo anaseka, n'kuwauza kuti mtundu umenewu ulibe sipika, umangodziwitsa kuti foni ikuitana. Kuyankha kumachitikira pa foni. Anawauzanso chinthu chimene aliyense wolandira wotchi yotere ayenera kumvetsa tsiku loyamba:

"Amayi, wotchiyi ili ngati mwana wa kumsana, mayi wake ndi foni. Mulibe simu kadi mmenemo. Zimamvana pokhapokha zikayandikana, mamita 10 kapena kucheperapo ngati pali khoma. Mukapita kudimba foni n'kuisiya pa tebulo, wotchi iwerengabe mapazi ndi mtima wanu, koma ine ndikaimba simudziwa."

Patapita masiku ochepa wotchi inasiya kunjenjemera, ngakhale foni ili m'thumba. Vuto limeneli ndi lofala pa mafoni amene ambiri tili nawo. Pofuna kusunga batire, foni imatseka yokha mapulogalamu amene mwini wake sakuwatsegula, ndipo pulogalamu ya wotchi imafera pomwepo. Mankhwala ake ali mu Settings: kupeza pulogalamuyo pa mndandanda wa Apps, kulowa pa Battery, n'kusankha Unrestricted, kapena mawu ena ofanana nawo malinga ndi mtundu wa foni. Mdzukulu naye anauzidwa kuti asamazimitse Bluetooth akabwereka foni ya agogo.

Kavalidwe kanali ndi uthenga wakewake. Kumbuyo kwa wotchi kumaphethira kuwala kobiriwira, ndipo mayiwo anakuopa. Kuwalako sikuwotcha ndipo sikulowetsa kanthu m'thupi. Magazi amamwa kuwala kobiriwira, choncho mtima ukagunda n'kukankha magazi ambiri m'mitsempha ya padzanja, kuwala kobwerera ku wotchi kumachepa pang'ono. Wotchi imawerenga kusinthasintha kumeneko n'kupeza kuti mtima ukugunda kangati pa mphindi. N'chifukwa chake iyenera kukhudza khungu bwinobwino. "Muivale pamwamba pa kafupa kotumphuka ka padzanja, musiye mpata wa chala chimodzi," anatero mnyamatayo. "Isamagwedere ngati chibangili, komanso isamasiye chidindo pakhungu. Poyeza khalani pansi, dzanja likhale phee."

Kenako panabwera nkhani imene ine ndikuona kuti ndiyo mutu wa zonse. M'mawa wina wotchi inaonetsa 72 pambali pa chithunzi cha mtima. Mayiwo, amene kuchipatala anazolowera kumva manambala ngati 150, anasangalala n'kutumiza uthenga woti bipi yatsika kwambiri, mwina mapiritsi aja angapume kaye. Yankho la mwana wawo silinachedwe.

"Ayi Amayi, chonde. Nambala imeneyo si bipi. Ikunena kuti mtima wanu wagunda maulendo 72 pa mphindi imodzi. Bipi imakhala manambala awiri, yapamwamba ndi yapansi, ndipo amayeza ndi lamba uja amakumangani pamkono n'kumupopa. Wotchi iyi bipi siyeza. Mankhwala musasiye ngakhale tsiku limodzi, ndipo tsiku lanu la kuchipatala muzipitabe."

Analondola. Mtima wa munthu wamkulu amene wakhala chete umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi, ndipo munthu atha kukhala pa 72 bipi yake ili pamwamba pa 140/90, malire amene achipatala amayambira kuda nkhawa. Bipi yokwera nthawi zambiri simveka m'thupi, choncho wosiya mankhwala chifukwa cha nambala ya pa wotchi sadziwa kuti walakwitsa mpaka zitavuta. Alipo mawotchi ena a Samsung okhala ndi gawo loyeza bipi, koma nawonso amafuna kuwongoleredwa ndi makina a lamba aja masabata anayi aliwonse. Nanga timawotchi topanda dzina ta pamsika tolonjeza kuyeza bipi ndi shuga nthawi imodzi? Mu Febuluwale 2024 bungwe la boma la America loona za chakudya ndi mankhwala linachenjeza anthu kuti asadalire wotchi kapena mphete iliyonse yonena kuti imayeza shuga popanda kuboola khungu, pakuti silinavomerezepo ngakhale imodzi. Wodwala shuga wosintha mankhwala potengera manambala otero akuseweretsa moyo.

Za mapazi mnyamatayu sanatayepo nthawi. Wotchi imaika cholinga cha mapazi 6,000 pa tsiku, koma imawerenga potengera kugwedezeka kwa dzanja. Tsiku lochapa kapena losinja, mayi amapeza mapazi ambiri asanatuluke pabwalo, pamene ulendo wochokera ku mjigo dzanja litagwira ndowa pamutu umawerengedwa mopereweza. Anangowauza kuti aziyerekeza sabata ndi sabata, osati kukangana ndi nambala ya tsiku limodzi. Mvula ndi madzi osamba m'manja siziiwononga, koma pochapa ndi sopo ndi posamba madzi otentha aziivula, ndipo pansi pa lamba azipukutapo kuti thukuta lisayambitse zidzolo.

Uthenga womaliza unali wa chifukwa chenicheni chimene anagulira wotchiyo. Kawotchi kameneka kamatha kuzindikira munthu akagwa mwamphamvu, ndipo kudina batani lija kasanu motsatizana kumaitanitsa thandizo. Koma zimenezi zimayamba kugwira ntchito zikakonzedwa kaye m'pulogalamu, pa gawo lolembedwa Safety and emergency, pamene mumalembapo manambala a anthu oti adziwitsidwe.

"Nambala yoyamba isakhale yanga, Amayi. Ine ndili kutali, ndikalandira uthenga ndingolira basi. Tilembe ya amalume ndi ya aneba aja a kuseri kwa nyumba, yanga ibwere pambuyo. Muwauziretu kuti akadzalandira uthenga wotere athamange. Uthengawo umatuluka pa foni yanu ngati meseji wamba, ndiye foni izikhala pafupi, pakhale netiweki, ndipo mayunitsi asamathe psiti. Lamlungu madzulo tidzayesa limodzi, onse atadziwa kuti ndi zoyeserera."

Kuyesako n'kofunika, chifukwa wotchi sizindikira kugwa kulikonse. Munthu wotsetsereka pang'onopang'ono atatsamira khoma ikhoza kumuphonya, ndipo dzanja lokalamba limafunika kuzolowera kudina kasanu mofulumira tsiku la ngozi lisanafike.

Inu amene muli ku Joni, ku Kepi kapena ku Mangalande ndipo mukuganiza zotumiza wotchi kumudzi, yambani mwafunsa mtundu wa foni ya amayi anu. Mukatumiza, jambulani mauthenga afupiafupi m'Chichewa, mawu a pa sikirini muwatchule monga alembedwera, ndipo musapitirire ku uthenga wachiwiri amayi asanakuuzeni kuti woyamba watheka. Ngati amamwa mankhwala a bipi ndipo ndalama ikukwana chinthu chimodzi chokha, gulani kaye makina oyezera bipi a lamba wa pamkono. Wotchi idzabwera ulendo wina.