Chikwangwani cha chipinda cha lendi: nambala yoti munthu ang'ambe n'kuiwerenga bwino

Chikwangwani cholengeza chipinda cha lendi chimakhala ndi magawo awiri. Kumtunda kumakhala uthenga, ndipo kumunsi kumalendewera timapepala todula, kalikonse kali ndi nambala ya foni, kuti wodutsa ang'ambe kamodzi n'kukaimba akafika kunyumba. Anthu ambiri amawerenga chikwangwanichi ali pa ulendo, alibe cholembera, ena foni itatha moto. Choncho ntchito yonse imatsamira pa kapepala kakang'onoko: nambala ikapanda kuwerengeka, wofuna chipinda uja sangampezenso mwini nyumba.

Pepala lomwe limagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi la A4, lomwe ndi masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali. Gawo lakumtunda limafuna mawu ochepa. Mutu woti "Chipinda cha lendi" umalembedwa m'zilembo zazikulu zooneka patali, kenako dera, lendi ya pamwezi, za madzi ndi magetsi, ndi tsiku lomwe munthu angalowe. Nambala ya foni iyenera kulembedwanso m'gawoli, yaikulu bwino, chifukwa timapepala tikatha, odutsa amatha kuikopera kapena kuijambula ndi foni.

Timapepala timatenga masentimita 7 akumunsi. M'lifupi mwa pepala mukagawidwa pakhumi, kalikonse kamakhala ka masentimita awiri ndi pang'ono, kokwanira kugwira ndi zala ziwiri. Nambala siingakwane chopingasa pamalo ochepa chonchi, n'chifukwa chake imalembedwa chogona, motsatira kutalika kwa kapepala. Pa Microsoft Word, izi zimachitika popanga tebulo la mzere umodzi wa mabokosi khumi, kenako kutembenuza malemba ndi Text Direction. Timapepala tonse tiyang'ane mbali imodzi kuti wowerenga apendeketse mutu kamodzi kokha.

Nambala za foni zam'manja ku Malawi zimakhala ndi manambala khumi, monga zoyamba ndi 088 za TNM ndi 099 za Airtel. Manambala khumi akalumikizana popanda mpata, diso limasochera pakati, makamaka pamene nambala imodzi yabwerezedwa katatu kapena kanayi. Njira yabwino ndi kuwagawa monga mmene anthu amawatchulira pakamwa: anayi oyamba, mpata, atatu, mpata, atatu. Mpata wokha ndi wokwanira, popeza timizere ndi timadontho timatha kuoneka ngati nambala pepala likada kapena kukwinyika. Chiyambi cha +265 sichifunika pa chikwangwani cha m'dera, chimangodya malo.

Kukula kwa malemba kumawerengeredwa potengera kutalika kwa kapepala. Pa malemba a Arial a saizi 20, nambala yonse pamodzi ndi mipata iwiri ija imatenga masentimita anayi ndi pang'ono. Pa kapepala ka masentimita 7, izi zimasiya malo oposa sentimita imodzi kumtunda ndi kumunsi. Malo akumtundawo ndi ofunika kwambiri, chifukwa pepala siling'ambika mowongoka, ndipo nambala ikayandikira pong'ambira, mbali ina imatsalira pa chikwangwani. Malo akumunsi amateteza nambala ku makina osindikizira, omwe ambiri safika m'mphepete mwenimweni mwa pepala. Pansi pa nambala payenera kukhala mawu ang'onoang'ono monga "Chipinda, Ndirande", kuti munthu akapeza kapepalako m'thumba patatha masiku adziwe kuti n'ka chiyani.

Wolemba pamanja ayenera kusamala ndi manambala ofanana maonekedwe. Nambala 1 yokhala ndi mbedza yaitali imaoneka ngati 7, ndipo 4 wotseka pamwamba amafanana ndi 9. Nayonso 0 yosakumana bwino pamwamba imasanduka 6, pomwe 3 wolembedwa ndi cholembera chonenepa amatsekeka n'kukhala 8. Cholembera chakuda cha nsonga yapakatikati chimathandiza, ndipo ndi bwino kulemba pepala limodzi mosamala n'kulichita fotokope kusiyana ndi kubwereza nambala kakhumi dzanja litatopa. Fotokope ilinso ndi ubwino wina: malemba ake sasungunuka ndi madzi, pamene inki yamadzi ya makina ena imayenderera ikangonyowa ndi mvula. Malemba akuda pa pepala loyera kapena lachikasu ndiwo amaoneka bwino ngakhale dzuwa litapendeka.

Timapepala timadulidwa ndi sizasi chikwangwani chisanamatidwe, ndipo selotepi imamatidwa chopingasa pamwamba pomwe madulidwe athera, kuti wong'amba asang'ambe ndi uthenga womwe. Pomata, pakhale pofanana ndi maso a munthu wamkulu, pamalo otetezeka ku mvula monga khonde la golosale kapena chigayo, mwini malo atavomera, ndipo timapepala tisiyidwe tikulendewera. Mayeso omaliza ndi osavuta: munthu amene nambalayo saidziwa apatsidwe kapepala kamodzi kong'amba kuti aimbe. Foni ya mwini nyumba ikalira, chikwangwani chakonzeka. Akalakwitsa kapena kufunsa kuti "iyi ndi chiyani?", nambala imeneyo ilembedwenso asanachite fotokope yambiri.