Bungwe lingakwere bwanji pa kanema wotchuka osaba luso la eni?

Mu 2020, anamwino, apolisi ndi ozimitsa moto m'maiko ambiri adadzijambula akuvina Jerusalema, nyimbo ya Master KG ndi Nomcebo Zikode a ku South Africa. Chisangalalocho chidazilala kumayambiriro kwa 2021 pomwe kampani ya Warner Music idalembera mabungwe ena a ku Germany, kuphatikizapo apolisi, kuti alipire chifukwa chogwiritsa ntchito nyimboyo.

Bungwe lothandiza anthu likhoza kugwa m'mbuna yomweyi. Kusachita malonda sikulipatsa ufulu pa nyimbo ya mwini, ndipo pa TikTok makanema otsatsa amayenera kutenga nyimbo mu Commercial Music Library, momwe zambiri zotchuka mulibe. Kuno kumudzi, umwini wa nyimbo umatetezedwa ndi lamulo la 2016, ndipo ziphaso zimadzera ku Cosoma.

Chomwe bungwe lingabwereke ndi kayalidwe ka kanemayo. Wolemba amaonera makanema angapo a mtundu umodzi atatseka mawu, n'kulemba zomwe zikubwerezedwa mwa onse: woyankhula waima pati, manja ake akuchita chiyani, nanga nkhani ikutembenuka pa sekondi iti. Zobwerezedwazo ndiwo mafupa. Nyimbo, mawu ndi nthabwala za munthu wina zimasiyidwa.

Chitsanzo ndi makanema olembedwa GRWM, momwe munthu amacheza ndi oonera uku akukonzekera ulendo. Mafupa ake ndi atatu: nkhope ili pafupi ndi kamera, manja ali otanganidwa, ndipo pali komwe munthuyo akupita. Bungwe lolimbikitsa kupereka magazi likhoza kulemba za mtsikana yemwe akudya phala, akumwa madzi, kenako akusiya bulauzi ya manja aatali n'kuvala ya manja aafupi, osanena chifukwa. Oonera ayesa akukaonana ndi bwenzi. Pofika sekondi ya 20 ndi pomwe akuulula kuti akukapereka magazi, pafupifupi mamililita 450, ndi kuti bulauziyo wasankhira mkono wobayidwa singano. Masekondi 10 otsalawo anene chinthu chimodzi chokha: malo ndi tsiku lopereka magazi.

Kanema wa masekondi 30 sanyamula mawu ambiri, choncho wolemba awerenge mokweza akuyang'ana wotchi, n'kudula zosefukira. Kawirikawiri zoyamba kudulidwa ndi mbiri ya bungwe ndi mayina a opereka thandizo, ngakhale kuti mabwana sakondwera nazo.

Cholakwika chachikulu ndi uthenga womatidwa kumapeto ngati chigamba. Kuchizindikira n'kosavuta: akachotsa chiganizo chotsiriza kanemayo n'kukhalabe womveka, ndiye kuti uthengawo sunalowe m'nkhani. M'chitsanzochi, kuchotsa magazi kumasiya bulauzi ija yopanda tanthauzo.

Pali nkhani zina zomwe kayalidwe kanthabwala sikaziyenera. Mwana wodwala kapena mayi wochitiridwa nkhanza sangaikidwe m'kanema woseketsa, ngakhale abale atavomera kuti ajambulidwe.