Uthenga wopempha ndalama kwa m'bale: dulani madandaulo, ulemu utsale

Januwale akafika, mafoni a abale athu okhala m'tauni ndi ku Joni sapuma. Sukulu zikutsegulira teremu yachiwiri, chimanga kumunda chikufuna feteleza, m'nkhokwe mwayera. Ambiri amene amalemba mauthenga opempha thandizo mwezi umenewu ndi anthu aulemu wawo, ndipo manyazi ndi amene amawatalikitsira uthenga. Munthu amaopa kutchula ndalama msanga, ndiye amayamba ndi mvula, n'kupita ku matenda, n'kudzera ku maliro a mwezi watha, pempho lenilenilo n'kulibisa kumapeto.

Tiyerekeze mayi wina wa kumudzi amene mwana wake ali Fomu 3 pasukulu yogonera konko. Fizi ndi K180,000, iye wapeza K110,000. Akulembera malume ake amene amagwira ntchito m'shopu ku Joni. Uthenga wake woyamba ndi wa mawu pafupifupi mazana atatu, ndipo mbali ina ikuti:

"Malume, kunotu zinthu sizili bwino ngakhale pang'ono. Mvula inabwera mochedwa, bambo a kunyumba kuno maganyu sakuwapeza, ine mwendo uja unayambiranso. Achimwene ndinawauza koma sayankha foni, mukuwadziwa kale khalidwe lawo. Inu ndinu nokha amene tatsala nanu, pajatu amayi anakulerani. Mwana uja akungolira. Ndiye ngati mungathe mutiganizireko kangachepe."

Zonsezi zikhoza kukhala zoona, koma taganizirani mmene malumewo awerengere. Foni yawo ikalira, pamwamba pamangooneka mizere yoyamba. Akatsegula WhatsApp, uthenga wautali umadulidwa ndipo mpaka adine pa "Read more" kuti aone zotsala. Iwo ali pantchito, aimirira kuyambira m'mawa, apatsidwa mphindi zochepa zopumira. Akafika kumapeto sakudziwabe kuti pakufunika zingati, zikufunika liti, komanso ngati ndi ngongole kapena mphatso. Amati ayankha madzulo akaweruka, madzulowo n'kudutsa, mawa lakenso chimodzimodzi. Kumudzi mayi uja amayamba kuganiza kuti malume amunyoza, pamene iwo angosowa poyambira.

Musanakonze uthenga wotere, lembani kaye papepala chiganizo chimodzi chonena chimene mukupempha. Kwa mayiyu chiganizocho ndi ichi: ndikupempha K70,000 yoonjezera pa fizi ya mwana pasanafike pa 20 Januwale. Kenako werengani uthenga wautali uja mzere ndi mzere, mukudzifunsa ngati mzerewo ukuthandiza malume kumvetsa chiganizo chimenechi. Mvula, maganyu ndi mwendo zichoke. Ndi nkhani zoyenera kucheza pafoni tsiku lina, koma pano zikungophimba mwana amene akufuna kupita kusukulu.

Pali mizere iwiri imene ine ndinganene kuti ichotsedwe ngakhale uthengawo ukanakhala waufupi kale. Woyamba ndi wodandaula za achimwene osayankha foni. Uthenga wa pafoni satenga nthawi kuutumiza kwa munthu wina, ndipo mawa ukhoza kufika kwa achimwene omwewo, mkangano n'kubuka pabanja. Wachiwiri ndi woti "pajatu amayi anakulerani". Malumewo akudziwa bwino amene anawalera. Mukawakumbutsa pa nthawi yopempha ndalama, zimamveka ngati mukuwalipiritsa ngongole yakale, ndipo ngakhale atumize, atumiza mtima ukuwawa. Chimodzimodzi mawu oti "ndinu nokha amene tatsala nanu": amamuika munthu pakona, osamusiyira pothawira.

Moni yekha asadulidwe. Kwathu kuno sulowa pakhomo pa munthu wopanda odi, ndipo uthenga woyamba ndi ndalama umamveka mwano ngakhale utakhala ndi "chonde" katatu. Moniwo ukhale mzere umodzi kapena iwiri, wofunsa za iwo ndi a m'nyumba mwawo. Uthenga wokonzedwa ukhoza kukhala motere:

"Malume, muli bwanji kumeneko pamodzi ndi azakhali ndi ana? Ife kuno tilipo. Pepani, ndabwera ndi pempho. Fizi ya mdzukulu wanu teremu ino ndi K180,000. Ndapeza K110,000, yaperewera K70,000, ndipo akusukulu atipatsa mpaka pa 20 Januwale. Ngati n'kotheka, chonde mundibwerekeko, ndidzabweza mu Meyi ndikagulitsa soya. Ngati panopa zili zovuta, ndimvetsa, mungondidziwitsa kuti ndiyese kwina. Zikomo kwambiri, malume."

Uthengawu sukufika mawu makumi asanu ndi awiri, koma malume akauwerenga kamodzi akhoza kuyankha pomwepo.

Ambiri amachita mantha kutchula chiwerengero cha ndalama, amaona ngati ndi kulamula wamkulu. Komatu mawu oti "kangachepe" amamuvutitsa wopemphedwayo. Akatumiza K20,000 sadziwa ngati yathandiza, ndipo inu mudzakakamizika kupemphanso sabata yamawa, zomwe ndi zochititsa manyazi kuposa poyamba. Kutchula zimene mwapeza kale kumaonetsanso kuti simunangokhala pansi kudikira a ku Joni. Tchulani m'makwacha, iwo awerengera okha kuti ndi marandi angati. Ndipo ngati mukudziwa kuti ndalamayo ndi yambiri kwa munthu mmodzi, onjezerani kuti ngakhale theka lithandiza.

Nkhani ya ngongole ndi mphatso ndiyo imadanitsa abale kwambiri, choncho pamafunika chilungamo. Ngati mulibe pobwezera, musalembe kuti "mundibwereke" pofuna kuti pempho limveke bwino. Lembani kuti "mundithandizeko", ndipo nenani poyera kuti simungalonjeze kubweza. Mayi wathu uja watchula Meyi chifukwa soya ali m'munda ndipo nthawi imeneyo amakhala atakolola. Akanakhala kuti alibe chogulitsa, lonjezo limenelo likanadzamutsekera khomo chaka chamawa.

Nambala yolandirira ndalama musaiike mu uthenga woyamba. Imaoneka ngati mwagamula kale kuti apereka. Akavomera, m'pamene mutumize nambala ya Airtel Money kapena Mpamba pamodzi ndi dzina limene nambalayo inalembetsedwa, chifukwa kawirikawiri foni imene mukugwiritsa ntchito imakhala ya mwana kapena ya amuna anu, ndipo wotumiza akaona dzina lachilendo amakayikira. Ngati atumiza pa Mukuru kuti mukatenge nokha, apatseni dzina lanu monga lilili pachitupa cha unzika, osati la pamudzi. Pokambirana zimenezi kumbukiraninso kuti potapa ndalama pamadulidwa kenakake, kuti K70,000 ija isakafike kusukulu itaperewera.

Tumizani kudakali masiku, makamaka mwezi usanathe pamene anthu akuyembekezera malipiro. Pempho la "lero lomwe" lisungireni matenda ndi maliro. Mukatumiza, musatsatize mauthenga ena asanu ofunsa ngati awona. Dikirani masiku awiri kapena atatu, kenako lembani mzere umodzi: "Malume, ndimati ndimve ngati uthenga uja unakupezani." Kwa agogo kapena malume achikulire amene kuwerenga kumawavuta, konzani uthengawo papepala momwemu, kenako muwaimbire kapena mujambule mawu osapitirira mphindi imodzi.

Ndalama ikafika, adziwitseni tsiku lomwelo, ndipo mukalipira kusukulu jambulani lisiti muwatumizire. Akakana, ayankheni ndithu: "Zikomo malume pondiyankha, ndamvetsa. Moni kwa onse kumeneko." Meyi akafika soya asanagulidwe, musadikire kuti akufunseni. Alembereni nokha, muwauze zimene zachitika ndi tsiku latsopano limene mudzabweze.