Foni ya kasitomala ndi foni ya agogo

Anzanga a geni kuno ku Doha, foni ya pashopu ndimayankha isanalire kachitatu. Ndimapereka salamu, kutchula dzina la shopu ndi langa, n'kufunsa chomwe akufuna. Basi. Kasitomala sanaimbe kuti amve mmene ndadzukira.

Pomwe ndimachedwa dala ndi pa manambala. M'Chingerezi cha Mnepali, Mfilipino ndi ine Mmalawi, 15 ndi 50 zimamveka chimodzimodzi. Wina anaitanitsa mabotolo 15 a pefyumu, ine n'kulongedza 50 mpaka ku Al Wakrah, thiransipoti yanga yomwe. Pano ndimafunsa kuti wani-faifi kapena faifi-ziro, kenako ndimamulembera mtengo wake pa WhatsApp.

Liwiro limenelo ndi lomwe linandilakwitsa kwa agogo anga ku Dedza. Ataimba ndili bize, ndinati, "Agogo, nenani msanga, ndili ndi kasitomala." Anangoti, "Chabwino bambo, gwirani ntchito," n'kudula. Ndinadzamva kwa amayi patatha sabata kuti mankhwala awo a shuga anali atatha.

Munthu wamkulu sayamba ndi vuto. Uyambe wadzitchula, ufunse mmene adzukira, za m'thupi, za mvula, za kumunda, ndipo akakhala chete usawadule. Nkhani yeniyeni imabwera pambuyo pa "tadzuka bwino, koma…"

Masiku ano ndimawauza kuti azingofulasha. Ndimaimba ndine Lachisanu m'mawa, shopu isanatsegulidwe, 9 koloko ya kuno, kumudzi ili 8. Za ndalama ndimadikira ayambe okha.