Mkwiyo ukafika pakhosi: zimene chithandizo cha DBT chimaphunzitsa

Anthu ambiri amene amadzivulaza dala sachita zimenezi pofuna kufa panthawiyo. Amafuna kuti ululu wamumtima uleke, ndipo chovuta n'chakuti kwa mphindi zochepa umalekadi. Ubongo umasunga phunziro limeneli, kotero tsiku lina mkwiyo kapena manyazi zikabweranso, maganizo odzivulaza amafika msanga kuposa kale. N'chifukwa chake kumukalipira munthu wotere kuti "ungosiya basi" sikuphula kanthu. Pamafunika kumupatsa njira ina yotsitsira mtima, chifukwa khalidweli likapitirira limakulitsa chiopsezo chodzipha.

Pamfundo imeneyi ndi pamene pagona chithandizo cha DBT, chomwe chinayambitsidwa ndi Marsha Linehan, yemwe anali katswiri wa zamaganizo pa yunivesite ya Washington mumzinda wa Seattle ku America. Kafukufuku woyamba wochiyesa, yemwe anatuluka mu 1991, anaonetsa kuti amayi omwe ankadzivulaza mobwerezabwereza anachepetsa khalidweli atalandira chithandizochi kwa chaka. Mu 2011 Linehan anaulula poyera kuti iye mwini anagonekedwapo m'chipatala cha amisala ku Hartford ali ndi zaka 17, ndipo ankadzivulaza. Maziko a DBT ndi kugwira mfundo ziwiri nthawi imodzi: kuvomereza kuti ululu wa munthuyo ndi weniweni, komanso kulimbikira kuti zochita zake zisinthe.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 24 amene sanagone bwino usiku ndipo kwacha osaika kanthu m'kamwa. Watumiza uthenga kwa achemwali ake kupempha ndalama ya lendi. Foni ikuonetsa kuti auwerenga, koma maola atatu adutsa ali zii. Nkhope yamutentha, nsagwada zauma, manja akunjenjemera, ndipo m'mutu mukungozungulira mawu akuti "amandinyoza, sanandikondepo." Akufuna kulemba uthenga wotukwana. Iye akudziwa bwino zimene zimatsatira akatero: manyazi, kudzida, kenako kufuna kudzivulaza.

Akafika pamenepa sangathe kulingalira bwino, ndiye DBT imayamba ndi thupi. Amathira madzi ozizira m'beseni, kugwira mpweya, n'kuviika nkhope kwa masekondi pafupifupi 30, madziwo akhudze m'maso ndi m'masaya. Madzi asazizire kupitirira madigiri 10, ndipo asafike popweteka, chifukwa cholinga si kumva ululu. Thupi la munthu likamva madzi ozizira kumaso mpweya utagwidwa, limachita ngati lamira: mtima umayamba kugunda pang'onopang'ono, ndipo kutentha kwa mkwiyo kumatsika nako. Akatero amapuma modekha, kukoka mpweya masekondi anayi kapena asanu ndi kuutulutsa nthawi yotalikirapo, mpaka azipuma kasanu kapena kasanu n'kamodzi pa mphindi. Amene ali ndi matenda a mtima, amene akumwa mankhwala ochepetsa kugunda kwa mtima, kapena amene ali ndi vuto lodzimana chakudya asayese njira ya madziyi asanafunse dokotala. Tidziwenso kuti imangogula mphindi zochepa. Lendi ikadalipo, achemwali sanayankhebe.

Mphindi zimenezo n'zofufuzira zoona zake. Mtsikanayu amalekanitsa zimene zachitikadi ndi zimene iye wamasulira. Chochitika n'chakuti uthenga wawerengedwa ndipo sunayankhidwe kwa maola atatu. Zakuti amamunyoza ndi kumasulira kwake. Kenako amadzifunsa kuti pangakhale zifukwa zina ziti: mwina ali pa ntchito, mwina bando yatha, mwina alibe ndalamayo ndipo akusowa poyambira. Sakudzinamiza kuti zonse zili bwino. Funso lenileni n'lakuti, kodi mkwiyowu, pa msinkhu umene wafikawu, ukugwirizana ndi zimene zachitika? Kukhumudwa pang'ono n'komveka ndithu. Mkwiyo wofuna kudula ubale, ayi.

Apa ndi pamene pamabwera luso limene ine ndimaliona kuti ndi mtima wa nkhani yonseyi: kuchita zosiyana ndi zimene mtima ukulamula. Kumva kulikonse kwa mumtima kumabwera ndi chochita chake. Mantha amati thawa, manyazi amati bisala, mkwiyo umati menya kapena lalata. Munthu akamvera lamulolo kumvako kumakula, akachita zosiyana nalo mobwerezabwereza kumafooka. Pa mkwiyo, chosiyana nacho ndi kupatuka modekha. Mtsikanayu amaika foni m'chipinda china n'kutuluka panja, osamenyetsa chitseko. Amatambasula zala, kumasula nsagwada ndi mapewa. Amayesa kuona tsikuli ndi maso a achemwali ake, ngakhale pang'ono chabe. Ngati n'kofunika kulemba, amalemba mawu ofewa: "Achemwali, mukapeza mpata mundiyankheko, mwini nyumba akundifuna Lachisanu."

Pamene ambiri amaphonya ndi pochita mwatheka. Munthu amachokadi pamalopo, koma m'mutu akubwereza mlanduwo ndi kukonza mawu okabaya nawo mnzake. Thupi lapatuka koma mtima ukumenyabe nkhondo, ndipo chizindikiro chake n'chakuti pakatha theka la ola mkwiyo uli pomwe unali kapena wakwera. Ena amasokoneza lusoli ndi kumeza mkwiyo. Kumeza ndi kunena kuti "sindinakwiye" mano atalumana. Pano munthu amavomera kuti wakwiya, amautchula dzina mkwiyowo, n'kusankha yekha chochita.

Chikabwera chilakolako chodzivulaza, kawirikawiri kumbuyo kwake kumakhala manyazi a zimene munthu wanena atakwiya. Manyazi amamuuza kuti adzitsekere m'chipinda, choncho chosiyana nacho ndi kukakhala pamene pali anthu, kuimbira munthu wodalirika, ndipo ngati analakwadi, kupepesa kamodzi n'kukonza zimene zingakonzeke. Chilakolakocho chimakwera, kufika pachimake, n'kutsika chokha ngati sichinamveredwe. Zinthu zimene amadzivulaza nazo ziyenera kuchotsedwa pafupi nthawi imene mtima uli m'malo, osadikira tsiku la mavuto.

Lusoli lili ndi malire ake, ndipo ndikufuna limveke bwino. Mkwiyo wina umagwirizana ndi zoona. Mayi amene akumenyedwa pakhomo sakufunika kuphunzira kumvetsa womumenyayo. Akufunika chitetezo, ndipo DBT pamenepo imalozera kukuthetsa vuto lenilenilo.

Mu DBT yathunthu munthu amakumana ndi mlangizi wake sabata iliyonse, amaphunzira maluso pagulu kwa masabata 24 omwe nthawi zambiri amabwerezedwa kuti chikwane chaka, ndipo tsiku ndi tsiku amalemba pakhadi mphamvu ya chilakolako chodzivulaza kuyambira 0 mpaka 5. Akadzivulaza, iye ndi mlangizi amalondola ndondomeko yonse ya tsikulo kuti apeze pamene zikanakhotera kwina. Kwa mtsikana wathu uja, ulendowo ukhoza kuwafikitsa ku tulo ndi njala, n'chifukwa chake kugona, kudya, kumwa mankhwala monga mwa malangizo ndi kupewa mowa zimawerengedwa ngati mbali ya chithandizo. Malusowa amayesedwa kaye pa mikwiyo ing'onoing'ono, monga ya pamzere wa kubanki, kuti tsiku lovuta lisawapeze ali achilendo.

Kuwerenga za maluso amenewa sikulowa m'malo mwa kuonana ndi achipatala. Kuno kwathu thandizo la matenda a maganizo limapezeka m'zipatala za m'maboma, ku chipatala cha amisala cha Zomba, ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Munthu amene wadzivulaza kwambiri, kapena amene akuganiza zodzipha, asasiyidwe yekha, ndipo wina apite naye kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo.