Fomu yabwera pa foni: tiyankha bwanji?

Mayi ali kumudzi, apatsidwa fomu yotsekulira akaunti kubanki. Aijambula n'kutumizira mwana wawo m'tauni pa WhatsApp kuti awakonzere mayankho. Mwanayo akafulumira n'kulemba za m'mutu mwake, mayi akabwezedwa pakauntala, ndalama ya minibasi itapita kale.

Choyamba n'kuona ngati chithunzicho chakwana. Ngodya zinayi zonse za pepala zioneke, ndipo funsani ngati kuseri kulinso mafunso, chifukwa ambiri amajambula tsamba lakutsogolo lokha. Mawu ang'onoang'ono apamwamba muwakulitse: ndi amene amanena ngati pakufunika zilembo zazikulu kapena inki yakuda. Pamene pagwa mthunzi, ajambulenso.

Kenako tengani pepala lina. Mpata uliwonse wa pa fomu muupatse nambala, kuchokera pamwamba kutsika, ndipo yankho lililembedwe pambali pa nambala yake. Mayi akamakopera sasokera.

Yankho lililonse lichokere pa chiphaso kapena pakamwa pa mwini fomu. Apa m'pamene ambiri amaphonya. Tinene kuti mayiwo m'mudzi amadziwika ndi dzina la amuna awo, koma pa chiphaso cha unzika, chimene analembetsa ku NRB mu 2017, pali dzina la bambo awo owabereka. Pa "Surname" palembedwe la pachiphaso, chilembo ndi chilembo, ngakhale mukuona kuti kalembera anaika L pamene banja limalemba R. Kubanki amayerekeza fomu ndi chiphaso, ndipo kukonza dzina ndi nkhani ya ku NRB. Choncho apempheni ajambulenso chiphasocho. Nambala yake ili ndi malo 8, zilembo ndi manambala zosakanikirana, ndipo pachithunzi chosaoneka bwino 8 amafanana ndi B. Awerengereni pafoni, iwo akuyang'ana pachiphaso.

Tsiku lobadwa litsate timabokosi. Pakalembedwa DD/MM/YYYY, munthu wobadwa pa 7 Malichi 1968 alemba 07/03/1968. Mukatembenuza, mwawabadwitsa pa 3 Julayi.

Keyala nayo imasokoneza. Boma lochokera, mfumu yaikulu ndi mudzi ndi za kwawo kwa munthu, pomwe malo okhala ndi kumene akugona lero, ndipo bokosi la kupositi lili ndi mpata wakewake. Pa "Next of Kin" musadzilembe nokha chifukwa choti cholembera chili m'manja mwanu. Mayi asankhe okha, ndipo wosankhidwayo auzidwe.

Funso losawakhudza, monga dzina la owalemba ntchito pamene iwo ndi mlimi, lembani N/A. Koma limene simukudziwa yankho lake, monga ndalama zimene amapeza pamwezi, ikanipo chizindikiro cha funso, muwaimbire. Ine ndimaumirira pamenepa chifukwa pansi pa fomu mayi adzasaina kuti zonse n'zoona, ndipo bodza lanu lidzakhala lawo.

Gawo lolembedwa "For Official Use Only" lisiyeni, ndi la ogwira ntchito kubanki. Posaina kapena kudinda chala ndi pa mayi okha, ndipo ndi bwino akachitire kubanki komweko, kalaliki akuona.