Kulowa n'kosavuta, potuluka mpovuta: misampha ya makampani pa intaneti

Amene anakulira kufupi ndi mtsinje amaudziwa mono. Khomo lake ndi lotambasuka kunja, lopanikiza mkati, choncho nsomba imalowa mosavuta koma njira yobwerera siiona. Makampani ambiri amene amadula ndalama mwezi ndi mwezi, kaya ndi za mafilimu, nyimbo, nyuzipepala kapena mapulogalamu a pakompyuta, amapanga mawebusaiti awo chimodzimodzi. Polembetsa mumangodina batani limodzi lalikulu, koma tsiku lomwe mwaganiza zosiya, batani lotulukira lasowa, kapena akukuuzani kuti muimbe foni. Anthu ambiri amadziimba mlandu, n'kumati mwina zamakonozi ndiye sakuzidziwa. Komatu kuvutako sikungochitika kokha ayi. Pali anthu olipidwa amene anakhala pansi n'kukonza kuti zivute motero.

Katswiri wina wa ku Britain wokonza mawebusaiti, Harry Brignull, anayamba kusonkhanitsa misampha yotereyi m'chaka cha 2010 n'kumaionetsa poyera. Kuchokera nthawi imeneyo, milandu ingapo yaulula mmene zimakonzedwera mkati mwa makampani, ndipo waukulu kwambiri ndi wa Amazon.

Masamba anayi, kudina kasanu ndi kamodzi

Mu Juni 2023, bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission kapena kuti FTC, linasumira Amazon chifukwa cha umembala wolipira wotchedwa Prime. Chikalata cha mlanduwo chinati munthu wofuna kusiya ankadutsa masamba anayi, kudina kasanu ndi kamodzi, n'kukumana ndi zosankha 15. Chinatinso ogwira ntchito pakampanipo ankaitcha njira imeneyi "Iliad", dzina la ndakatulo yakale yaitali ya Agiriki yonena za nkhondo ya ku Troy.

Malinga ndi chikalatacho, munthu amayamba wafufuza m'zigawo za akaunti yake mpaka atapeza batani lolembedwa "End Membership". Aliyense angaganize kuti akadina pamenepo umembala watha, koma ayi, apo mpamene ulendo umayambira. Tsamba lotsatira limamukumbutsa zabwino zomwe ataye, n'kumupatsa mabatani atatu: "Remind Me Later", "Keep My Benefits" ndi "Continue to Cancel". Awiri oyambawo amamubweza osasiya. Akapitirira, tsamba lina limamunyengerera ndi mitengo yotsika. Patsamba lomaliza pamakhala zosankha zisanu, kuphatikizapo kungoimitsa kaye, ndipo lomwe limathetsa umembala nthawi yomweyo linali "End Now". Wophonya penapake, kapena wotseka tsamba poganiza kuti wamaliza, amakhalabe membala, ndipo mwezi ukatha ndalama zimadulidwa.

Mu Sepitembala 2025, Amazon inavomera kulipira madola 2.5 biliyoni kuti mlandu uthe, ngakhale sinavomere kuti inalakwa. Mwa ndalamazo, 1 biliyoni inali chindapusa ndipo 1.5 biliyoni yobwezera makasitomala. Chotsegula maso n'choti ku Ulaya kampani yomweyi inali itavomera kale mu Julayi 2022 kuti munthu azisiya Prime pongodina kawiri, mabungwe a ogula, motsogozedwa ndi la ku Norway, atadandaula. Zimenezi zikusonyeza kuti njira yachidule inali yotheka kuyambira kale.

Zomwe zili m'nkhani ya Amazon mudzazipeza kwina konse. Batani lomwe kampani ikufuna kuti mudine limakhala lalikulu, lowala, pakati penipeni pa sikirini. Lomwe inu mukufuna limakhala timalemba tating'ono totuwa, pansi pa tsamba, nthawi zina losaoneka n'komwe ngati batani. Mawu nawonso amasokoneza dala. Mukamafuna kusiya, n'kuona funso loti mukutsimikiza, pansi pake pali "Cancel" ndi "Continue", imani kaye muwerenge bwino, chifukwa "Cancel" pamenepo angatanthauze kuleka zosiyazo. Samalaninso ndi "Pause": kumeneko n'kupuma chabe, ndipo nthawi yopumayo ikatha ayambiranso kukudulani osakufunsani.

"Tiimbireni foni"

Msampha wina ndi wokukakamizani kuimba foni. Mwalembetsa pa intaneti pakati pa usiku popanda kulankhula ndi munthu, koma posiya akuti mpaka mulankhule ndi wogwira ntchito wawo. Kampani ya mafoni ya ku America yotchedwa Vonage inavomera mu Novembala 2022 kubweza madola 100 miliyoni pa nkhani yotereyi. FTC inati kampaniyo inkabisa nambala yoimbira posiya, inachepetsa maola oyankha foni panambalayo, inkalonjeza kuimbanso koma osaimba, ndipo ena inkapitiriza kuwadula ndalama atanena kale kuti asiya.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Batani silingakunyengerereni, koma munthu angathe. Amene amayankha foni yotere ntchito yake ndi kukusungani, ndipo amakhala ndi mayankho okonzeratu pa chifukwa chilichonse chomwe mungapereke. Mukati zadula, akutsitsirani mtengo kwa miyezi itatu. Mukati simukugwiritsa ntchito, akuuzani kuti mungoimitsa kaye. Ife amene tinaleredwa kuti kukana munthu wolankhula mwaulemu n'chipongwe timagwa msanga pamenepa. Kwa amene ali ku Lilongwe kapena ku Chipata, n'kumaimbira nambala ya kunja, palinso vuto la mayunitsi omwe amatha munthu akudikira pamzere.

Mukakakamizika kuimba, musapereke chifukwa. Nenani kuti, "Ndikufuna kusiya lero, sindikufuna china chilichonse," ndipo akabwera ndi zokopa, bwerezani mawu omwewo mwaulemu. Musanadule foni funsani zinthu zitatu: tsiku lenileni lomwe umembala uthere, ngati pali ndalama ina yomwe adule, ndi nambala yotsimikizira kuti mwasiya. Lembani tsiku, nthawi ndi dzina la amene munalankhula naye. Koma musanaimbe n'komwe, onani ngati pali kabokosi kolemberana nawo pa webusaiti kapena adiresi ya imelo, chifukwa zolembedwa zimasiya umboni pamene zapakamwa zimauluka.

Chindapusa chobisika

Nthawi zina batani mumalipeza, koma kuseri kwake kuli bilu. Mu Juni 2024 boma la America linasumira Adobe, kampani yomwe imapanga Photoshop, pulogalamu imene ojambula ndi okonza zithunzi ambiri amadalira. Nkhani inali pa dongosolo lolembedwa kuti "annual, paid monthly". Munthu amaona mtengo wa pamwezi n'kuganiza kuti angasiye mwezi uliwonse, pamene wasaina mgwirizano wa chaka chathunthu. Akasiya pakati, masiku 14 oyamba atadutsa, amalipira theka la ndalama za miyezi yotsala.

Tiyerekeze kuti mtengo ndi madola 20 pamwezi ndipo mwasiya mutalipira miyezi inayi. Yatsala miyezi isanu ndi itatu, yomwe ndi madola 160, choncho akudulani madola 80 potuluka, ndalama zofanana ndi zomwe mwalipira miyezi inayi yonse ija. Chizindikiro cha msampha umenewu ndi mitengo iwiri ya pamwezi yoikidwa pamodzi, wina wotsikirapo. Wotsikawo kawirikawiri umakhala womangirira chaka.

Njira zozembera

Chitetezo chachikulu ndi kuyang'ana khomo lotulukira musanalowe. Musanalembe nambala ya khadi lanu la kubanki, tsegulani tsamba la malamulo a kampaniyo. Simukufunika kuwerenga lonse. Pakompyuta dinani Ctrl+F n'kulemba "cancel", kenako "renew" ndi "fee", ndipo mufika pa ziganizo zomwe zikukukhudzani. Mukapeza kuti kusiya ndi kwa pafoni pokha, mwadziwiratu mtundu wa anthu omwe mukuchita nawo malonda.

Ngati n'kotheka, lembetsani kudzera ku Google Play kapena ku Apple m'malo mwa webusaiti ya kampaniyo, chifukwa mukatero batani losiyira limakhala m'manja mwa ena, osati mwa mwini malonda. Pa foni ya Android, tsegulani Google Play, dinani chithunzi chanu chakumwamba, kenako "Payments & subscriptions", "Subscriptions", sankhani chomwe mukusiya n'kudina "Cancel subscription". Pa iPhone pitani ku "Settings", dinani dzina lanu, kenako "Subscriptions". Dziwani kuti mtengo wa njira imeneyi nthawi zina umakhala wokwererapo. Chinanso chomwe chapweteketsa ambiri n'chakuti kufufuta pulogalamu m'foni sikuthetsa umembala. Pulogalamu ichoka, koma ndalama zipitirira kudulidwa.

Za masiku oyesera aulere, dziwani kuti akakufunsani khadi ndiye kuti tsiku loyesera likangotha ayamba kudula. Ikani alamu m'foni masiku awiri lisanafike tsikulo, osati tsiku lomwelo. A Apple eniake amalangiza kusiya patatsala maola osachepera 24, ndipo kusiyana kwa nthawi pakati pa mayiko kungakulandeni maola ena.

Mukamasiya, pitirirani mpaka muone mawu onena momveka kuti umembala watha ndi tsiku lake. Jambulani sikirini imeneyo, ndipo dikirani imelo yotsimikizira. Ikapanda kubwera, loweraninso mu akaunti muone ngati pakuonekabe tsiku lodzalipira. Likakhalapo, simunatuluke.

Ambiri amathamangira kubanki kukatseketsa khadi. Zimathandiza kuti ndalama zisatuluke, koma sizithetsa mgwirizano, ndipo kampani ingakuwerengereni ngongole. Yambani mwalembera kampaniyo kuti mwasiya, musunge kalatayo. Akadulabe, pitani kubanki ndi umboniwo mukatsutse ndalamayo, ndipo musachedwe chifukwa madandaulo otere amakhala ndi malire a nthawi.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku Germany, kuyambira pa 1 Julayi 2022, kampani yolembetsa anthu pa intaneti iyenera kuika batani losiyira looneka bwino. Ku America, lamulo la FTC la Okutobala 2024 loti kusiya kuzikhala kophweka ngati kulowa linathetsedwa ndi khoti mu Julayi 2025 lisanayambe kugwira ntchito mokwanira. Abale athu a ku South Africa ali ndi lamulo loteteza ogula lomwe limalola munthu kuthetsa mgwirizano wa nthawi yoikika atapereka chidziwitso cha masiku 20 a ntchito, ngakhale kampani ingalipiritse chindapusa choyenera. Ku Malawi, dandaulo la wogula limapita ku Competition and Fair Trading Commission, ndipo la mafoni, monga mayunitsi odulidwa pa nyimbo kapena mauthenga omwe munthu sakuwafuna, lingapite ku MACRA ngati kampaniyo yalephera kuthandiza. Koma mabungwe amenewa dzanja lawo silifika msanga pa kampani ya kutsidya la nyanja. Choncho kamodzi pamwezi yang'anani sitetimenti ya kubanki mzere ndi mzere, ndipo ndalama iliyonse yobwerezabwereza yomwe simukuidziwa muifufuze sabata yomweyo, isanadulidwenso kachiwiri.